Bambo akunyumba BMI yawo ndi 24.4, bwanji anesi akuti anenepa?

Nangondo
Abale ndithandizeni, mwina ndine ndekha amene mutu sukugwira. Bambo akunyumba anaitanidwa kuchipatala chathu chaching'ono kuno ku Leicester kuti akayezedwe m'thupi poti anadutsa zaka 40. Kutalika ndi masentimita 168, sikelo inawerenga makilogalamu 69. Anesi anadinadina pakompyuta n'kunena kuti BMI, chiwerengero chofananiza kulemera ndi kutalika kwa munthu, ndi 24.4, ndiye kuti thupi lapitirira muyezo. Ine pamene ndimaphunzira ntchito yosamalira okalamba anatiuza kuti malire ndi 25, ndipo 30 ndiye kunenepa kwenikweni. Nditafunsa anangoti kwa anthu a ku Asia malire ndi 23, basi, n'kuwatenga magazi. Komatu bambowa ndi mmwenye wobadwira ku Limbe, ku India sanapondeko phazi, nsima amadya kuposa ine. Munthu wake miyendo ngati ya kakowa, kamimba kokha ndi kamene katulukako. Onenepa ndani pamenepa?

Mbewe wa Jimu
Achemwali musadandaule, BMI ndi bodza lenileni. Ine yanga ndi 29 koma mafuta mulibe, ndi minofu yokhayokha. Ndipo zoti mtundu uwu malire ake awa, mtundu uwo malire ake awo, ine ndimaziona ngati tsankho chabe. Thupi la munthu ndi limodzi.

Ankolo a ku Joni
Nkhani yake ndi yophweka. Amwenye ndi Matchaina ambiri ndi aafupi, ndiye munthu wamfupi sangaloledwe kulemera ngati Mzungu wamtali. N'chifukwa chake anawatsitsira.

Naphiri
Ankolo, pepani ndikutsutsaniko pang'ono. Msinkhu uli kale m'kati mwa chiwerengerocho. Mumatenga kulemera n'kugawa ndi kutalika m'mamita kochulukitsa ndi kutalika komweko, ngati apa: 69 ÷ (1.68 × 1.68) = 24.4. Choncho wamfupi ndi wamtali anafananizidwa kale, vuto silili pamenepo.

Nangondo, ine ndimagwira ntchito ya unesi kumbali ya matenda a shuga, ndipo zimene anakuuzanizo n'zoona, kungoti sanakufotokozereni. Manambala aja 25 ndi 30 sanagwe kumwamba ayi. Bungwe la WHO linawakhazikitsa m'zaka za m'ma 1990 poyang'ana kafukufuku amene ambiri mwa anthu ake anali azungu a ku Ulaya ndi ku America. Anaona pamene matenda ndi imfa zimayamba kukwera, n'kujambula mzere pamenepo. Kenako madokotala a ku India, Singapore, Hong Kong ndi kwina anayamba kudandaula kuti ife odwala shuga athu ambiri sanafike n'komwe pa 25, tikadikira nambala imeneyo tiziwapeza madzi atafika kale m'khosi.

Chifukwa chake n'chakuti sikelo sidziwa chimene ikuyeza. Pali chithunzi chotchuka chimene chinatuluka m'magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2004. Madokotala awiri ogwirizana, Yajnik wa ku Pune ku India ndi Yudkin wa ku London, anaima limodzi. Onse BMI inali 22.3, ndendende. Atayezedwa ndi makina oona mafuta a m'thupi, Yudkin anali ndi 9.1 peresenti, Yajnik 21.2 peresenti. Inde Yudkin anali wothamanga mipikisano ya mtunda wautali, ndiye kusiyana kwawo kunakula mopitirira, koma ngakhale mukatenga anthu wamba ambiri, a ku Asia amapezeka ndi mafuta ochulukirapo ndi 3 mpaka 5 peresenti pa BMI yofanana ndi ya azungu.

Mbewe wa Jimu
Ndiye mwandivomereza nokha kuti BMI ndi bodza.

Naphiri
Ndakuvomerezani theka, achimwene. Kwa inu imakunamizirani pokuikani m'gulu la onenepa pamene ndi minofu. Kwa amuna a Nangondo imanama chakumbali inayo, imati ali bwino pamene mafuta abisala m'mimba. Bodza la kwa inu limangokukwiyitsani, la kwa iwo likhoza kuwachedwetsa kuyezedwa shuga zaka zingapo. Zoti thupi ndi limodzi, onaninso anthu a kuzilumba za Samoa ndi Tonga. Iwo pa BMI yomweyo amakhala ndi minofu yambiri ndi mafuta ochepa kuposa azungu, moti ofufuza a ku New Zealand ananenapo zoti malire awo akwezedwe. Likanakhala tsankho sibwenzi mzere ukusunthira mbali zonse ziwiri.

Nangondo
Kamimba kameneko ndiye ndimakaseka tsiku lililonse, ndimati mimba ya ubwana yayamba ndalama zisanabwere. Koma chimene sindikumvetsa, munthu wobadwira ku Limbe, wakulira pa nsima ndi chambo, za ku India zikumutsatira bwanji?

Naphiri
Zimatsatira ndithu. Amwenye a ku Durban akhala kumeneko kuyambira m'ma 1860, koma shuga ndi wochuluka pakati pawo mpaka lero. Chimodzimodzi ku Mauritius, ku Fiji ndi ku Mangalande konkuno.

Zimene zimaoneka mobwerezabwereza ndi izi. Minofu imakhala yochepa, makamaka m'miyendo, ndipo minofuyo ndi imene imamwa shuga wambiri wa m'magazi munthu akadya. Miyendo ya kakowa mukunenayo si nthabwala chabe. Kenako mafuta, m'malo mokhazikika pansi pa khungu m'matako ndi m'ntchafu mmene savuta kwenikweni, amafulumira kukadzaza m'kati mwa mimba mozungulira matumbo, ena n'kulowa m'chiwindi. Chiwindi chikadzala mafuta chimasiya kumvera insulini, mchere wa m'thupi wotsitsa shuga m'magazi, ndiye chimangotulutsabe shuga ngakhale m'magazi muli kale wokwanira. Ndiye thupi limafunika kupanga insulini wochuluka kuti lipondereze, ndipo kwa anthu ambiri a ku Asia chiwalo chopanga insulinicho chimatopa msanga.

Pali kafukufuku wa m'midzi yozungulira Pune amene anayerekeza makanda a kumeneko ndi a ku Southampton. A ku India anabadwa opepuka ndi magalamu pafupifupi 800, timikono towonda, koma mafuta a pathupi sanachepe mofanana ndi mmene minofu inachepera. Ndiye kuti zimayambira m'mimba mwa mayi. Kuti gawo la chibadwa ndi lalikulu bwanji, ndipo gawo la kadyedwe ka amayi m'mibadwo ingapo ndi lalikulu bwanji, akatswiri akadakanganabe.

Chimwemwe Masamu
Ndilowererepo, ine za thupi sindizidziwa koma za ziwerengero ndiye ntchito yanga. Anthu ambiri amati WHO inalamula kuti Asia yonse igwiritse 23. Sizinatero. Akatswiri anakumana ku Singapore mu 2002, lipoti linatuluka mu 2004, ndipo analephera kupeza nambala imodzi. Anaona kuti chiopsezo chimayamba kukwera paliponse pakati pa 22 ndi 25 kutengera dziko. Ndiye anasiya 25 ndi 30 momwemo, n'kungowonjezera 23 ndi 27.5 ngati malo amene boma lililonse lingayambirepo kuchitapo kanthu. Zotsatira zake aliyense anajambula mzere wake. China imati 24 ndi 28. India inagwirizana za 23 ndi 25 mu 2009. Japan imati ukafika 25 wanenepa. Singapore inatenga 23 ndi 27.5.

Tsono tengani amuna a Nangondo muwakweze ndege. Pa 24.4, ku Tokyo ali bwinobwino, ku Beijing angodutsa kumene mzere, ku Mumbai atsala makilogalamu osakwana awiri kuti atchedwe onenepa kwenikweni. Munthu yemweyo, buluku lomwelo.

Ankolo a ku Joni
Hahaha, ndiye akakhale ku Japan basi, achira.

Mbewe wa Jimu
Mwaona? Akungolota manambala.

Chimwemwe Masamu
Kulota ayi. Chiopsezo chimakwera pang'onopang'ono ngati chitunda, palibe phompho pamene munthu amagwera akafika 23.0. Mzere ndi chisankho cha anthu, koma pali njira youpezera. Imene ndimaikonda ine ndi ya kafukufuku wa ku England wa 2021, wa anthu pafupifupi 1.5 miliyoni a m'kaundula wa zipatala. Anafunsa funso limodzi. Tikatenga azungu a BMI 30 n'kuona kuti ndi angati amene amayamba shuga pakapita zaka, kodi mitundu ina imafika pa mlingo womwewo ili pa BMI yanji? Yankho linali 23.9 kwa ochokera ku India, Pakistan, Bangladesh ndi maiko oyandikana nawo, 26.9 kwa Matchaina, 26.6 kwa Aluya, ndi 28.1 kwa anthu akuda.

Tiike m'makilogalamu kuti zimveke. Pa msinkhu wa masentimita 168, BMI 30 ndi makilogalamu 84.7, pamene 23.9 ndi makilogalamu 67.5. Ndiye kuti pankhani ya shuga, amuna a Nangondo pa 69 akuyenda limodzi ndi Mzungu wa msinkhu wawo amene amawaposa ndi makilogalamu 16 kapena kuposerapo. Mzungu ameneyo mukanamuona pamsewu mukanati bambo awa achepetseko. Awa mukuti ndi kakowa.

Nangondo
Mayo ine. Ndiye 23 ija ndi yowachitira chifundo kale?

Naphiri
Tinganene choncho. Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE amene zipatala za kuno zimatsatira amati 23 mpaka 27.4 ndi kupitirira muyezo, 27.5 kupita m'mwamba ndi kunenepa. Kwa amuna anu 23 ndi makilogalamu 64.9, ndipo 27.5 ndi 77.6. Mukaona 23.9 ya a Chimwemwe, mutha kunena kuti 27.5 idakali pamwamba kwambiri kwa amwenye, ndipo alipo akatswiri amene amanena zimenezo.

Chimwemwe Masamu
Koma ndisakunamizeni kuti zonse zikuloza mbali imodzi. Mu 2011 kunatuluka kafukufuku wina wamkulu, wa anthu oposa miliyoni imodzi a m'maiko a ku Asia, amene sanayang'ane shuga koma imfa. Kwa Matchaina, Ajapani ndi Akoreya, imfa zinali zochepa kwambiri pa BMI ya pakati pa 22.6 ndi 27.5. Taonani, ndi momwe muja malire atsopano akuti munthu wapitirira muyezo. Ndipo kwa a ku India ndi Bangladesh sanaone n'komwe imfa zikukwera chifukwa cha BMI yokwera, zimene zinkapha anthu kwambiri zinali kumbali ya kuwonda. Ndiye ukafunsa za shuga umapeza mzere wina, ukafunsa za imfa umapeza winanso. Ine mpaka pano sindinakhutire kuti munthu wa 23.5 azitchedwa wopitirira muyezo. Kumuyeza shuga, eya. Kumupatsa dzina, kaya.

Naphiri
Kafukufuku ameneyo ndimamudziwa, koma kumbukirani kuti m'gulu la owonda mumalowa osuta fodya, odwala chifuwa chachikulu, ndi amene awonda chifukwa matenda ayamba kale kuwadya. Zimenezo zimachititsa kuti onenepako aoneke ngati ali pabwino. Ofufuza amayesa kuzichotsa koma sizichoka zonse. Komanso kusafa si kukhala bwino. Ine amene ndimawaona ndi a zaka 50 amene maso ayamba kuchita khungu, impso zikufooka, chala chakuphazi chinadulidwa. M'kaundula wa imfa sanalowe.

Pa za dzinalo sindikukanirani kwenikweni. A bungwe la matenda a shuga ku America anachita momwe mukuneneramo mu 2015: anati anthu ochokera ku Asia aziyezedwa shuga kuyambira pa 23, osati kudikira 25. Cholinga chinali kuyeza, osati kutcha munthu dzina.

Mayi a Mapasa
Pepani ndalowa mochedwa. Mwana wanga wa zaka 9 kusukulu anatitumizira kalata yoti ndi wonenepa, ndiye ndiwerengere 23 kapena 25? Ife ndife Achewa enieni a ku Dedza.

Naphiri
Mayi, zonse tikukambazi ndi za akuluakulu. Ana ali ndi matchati awoawo otengera zaka komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, musawerengere nambala iliyonse ya pano. Pitani nayo kalatayo kwa anesi a pasukulupo akuonetseni pamene mwana ali patchatipo.

Koma poti mwatchula za Achewa, enanu musaone ngati nkhaniyi ndi ya amwenye okha. Malangizo a NICE aja amaikanso anthu akuda ochokera ku Africa ndi ku Caribbean pa 23 ndi 27.5 yomweyo. Nangondo, inuyo zanu zili bwanji?

Nangondo
Iii, mwanditembenukira. Masentimita 160, makilogalamu 70. Ine ndimadziwerengera kuti ndangopitirira pang'ono, 30 ili kutali.

Chimwemwe Masamu
70 ÷ (1.6 × 1.6) = 27.3. Pa msinkhu wanu 27.5 ndi makilogalamu 70.4. Mwatsala magalamu 400, achemwali, nsima ya madzulo ano yokha ikuwolotsani.

Nangondo
Ndinabwera kudzanenera mwamuna, mlandu wagwera ine!

Mbewe wa Jimu
Apa ndiye ndikanirira. Ife anthu akuda mafupa ndi olemera, minofu ndi yambiri. Mwanena nokha kuti a ku Samoa malire awo akwere, bwanji ife atitsitsire?

Naphiri
Funso limeneli ndi labwino ndipo yankho lake silokoma kwenikweni. N'zoona kuti pa BMI yofanana anthu akuda ambiri sakhala ndi mafuta ochuluka kuposa azungu, ndipo a m'kati mwa mimba amakhala ocheperapo. Komabe shuga amatigwira msanga. Ndiye kwa ife chifukwa chake sichingakhale chofanana ndi cha amwenye, ndipo sichinamveke bwino. Anatiika pa mzere umodzi poona zotsatira, osati poti matupi ndi ofanana.

Chimwemwe Masamu
Ndipo 28.1 ija inasonkhanitsa pamodzi Mnaijeriya, Msomali, Mjamaika ndi Mchewa wa ku Dedza, onse okhala ku England. Kuti nambala imeneyo ingagwire kwa mlimi wa ku Mayani amene amalima tsiku lonse, ine sindingaikepo ndalama yanga. Ngakhale malire a m'chiuno amene bungwe la matenda a shuga la padziko lonse la IDF linapereka, kwa anthu a kum'mwera kwa Sahara linangoti tibwereke a azungu kufikira patapezeka athu.

Naphiri
Poti mwatchula chiuno, Nangondo, tengani tepi ya telala muwayeze bambowo. Musayeze pamene pamakhala lamba, amuna ambiri lamba amamumangira kunsi kwa mimba ndiye amakunamizani. Papasani nthiti yomaliza, papasaninso pamwamba pa fupa la m'chiuno, tepi idutse pakati pa ziwirizo, nthawi zambiri ndi pamwamba pang'ono pa mchombo. Avule malaya, aime chilili, apume mpweya utuluke mwachibadwa, ndipo muwayang'anitsitse asakokere mimba m'kati. Tepi ikhudze khungu koma isalowe m'thupi.

Nangondo
Ndayeza. Koyamba inati 87, ndinaona kuti munthu sakupuma, nkhope yachita kufiira. Nditawaseketsa ndi pamene inati 92. Buluku amavala saizi 32, ndiye akukana kuti tepi yanga ndi yotanuka.

Naphiri
Saizi 32 ndi masentimita 81, ndiye mukuona nokha kuti bulukulo limadutsa pansi pa katunduyo. Kwa amuna a ku India malire a m'chiuno ndi 90, kwa azungu 94, ndiye apanso 92 ikanapulumuka pa muyezo wa azungu n'kugwidwa pa wa kwawo. Koma pali njira ina imene sifunsa mtundu wa munthu: chiuno chisafike theka la kutalika. Theka la 168 ndi 84. Iwo ali pa 92, kugawa ndi 168 ikutuluka 0.55, ndipo kuyambira 0.5 mpaka 0.59 timati mafuta a pamimba achuluka. Amene alibe tepi atenge chingwe, ayeze kuyambira kumutu mpaka kuphazi, achipinde pawiri, aone ngati chikuzungulira mimba. A Mbewe, inunso yesani, ngati 29 yanuyo ndi minofu yokhayokha chingwe chikuikirani umboni.

Mbewe wa Jimu
Ndiyesa kumapeto kwa mwezi, panopa ndili pa nyengo yokuza thupi.

Ankolo a ku Joni
Chingwe chikuopedwa apa.

Nangondo
Ndabweranso abale, zotsatira za magazi zafika pafoni. Palembedwa HbA1c 44 mmol/mol. Akuti si shuga koma akufuna kuwalembetsa ku maphunziro opewera shuga. Apongozi anga aakazi anali ndi shuga, ndaiwala kunena poyamba paja.

Naphiri
Chimenecho ndiye chinali chofunika kunena poyambirira, kholo la shuga limakweza chiopsezo palokha. Kuyeza kumeneko kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi. Pansi pa 42 zili bwino, 42 mpaka 47 ndi pakhomo, 48 kupita m'mwamba ndi shuga. Ndiye 44 ali pakhomo, ndipo pamenepo munthu amatha kubwerera. Taganizani anesi aja akanawerengera 25: bwenzi atawauza kuti muli bwino bambo, tionana zaka zisanu zikubwerazi.

Ku maphunziroko apite. Sakufunika kuwonda kwambiri, makilogalamu atatu kapena anayi achoke pamimbapo, afike cha m'ma 65. Koma asachite zodzimana chakudya mpaka minofu yochepa ija n'kuthanso. Kuyenda ndawala akatha kudya, ndi zolimbitsa miyendo kawiri kapena katatu pamlungu. Apa ndiye a Mbewe angathandize zenizeni. Chinthu chimodzi choti mufunse kuchipatala: ngati ali ndi vuto la kuchepa magazi, kapena kubanja kwawo kuli matenda a magazi otengera kumtundu, HbA1c imatha kuwerenga molakwika, ndiye amatsimikiza ndi kuyeza shuga wa m'mawa munthu asanadye.

Mbewe wa Jimu
Abwere Loweruka, tiyamba ndi kunjuta popanda zitsulo. Koma za BMI maganizo anga sanasinthe.

Nangondo
Zikomo nonse. Funso lomaliza, mwana wathu wamkulu ali ndi zaka 19, bambo mmwenye, mayi Mlomwe wa ku Thyolo. Iyeyo mzere wake ndi uti?

Naphiri
Kuno n'kosavuta poti mbali zonse ziwiri zikugwera pa 23 ndi 27.5, ndipo kwa amwenye ndi anthu akuda timayamba kukhala tcheru ndi shuga kuyambira zaka 25, osati 40. Akanakhala kuti kholo lina ndi Mzungu, ine ndikanatenga malire otsikawo poti kuyeza magazi sikupweteka munthu.

Chimwemwe Masamu
Papepala zili choncho, koma chiopsezo chake chenicheni chili pafupi ndi 23.9 ya bambo ake kapena 28.1 ya mayi ake? Pakati pa ziwirizo pali makilogalamu oposa khumi. Mtsikanayo ndi wamtali bwanji, ndiwerengere?

Nangondo
Ndi mnyamata, ndipo wati zoyezana ndi tepi ya telala iye ayi, wathawira kuchipinda.